Kukonza chilembo cholakwika mu PDF popanda kusuntha mizere kapena kusintha fonti: nkhani ya kabuku ka alimi

Ntchito imene ndikufotokoza pano inabwera pa shopu yathu yotayipa ndi kusindikiza ku Old Town mu Lilongwe. Gulu lina la alimi a cha ku Mitundu linali ndi kabuku ka masamba 24, ka msinkhu wa A5, kophunzitsa kasungidwe ka chimanga ukakolola. Ankafuna makope 500. Kabukuko kanali kale mu PDF, koyalidwa bwino, zithunzi zili m'malo mwake. Koma mlembi wa gululo atawerenga komaliza anapeza zolakwika ziwiri. Pa tsamba 7 panalembedwa kuti "chimnga" m'malo mwa "chimanga". Pa tsamba 12 mutu wa zilembo zazikulu unali "KUSAMALA NKHOKHE" m'malo mwa "KUSAMALA NKHOKWE".

Funso langa loyamba kwa amayi amene anabweretsa flashi linali lakuti fayilo ya Word ili kuti. Nthawi zonse ndimayambira pamenepo, chifukwa kukonza mu Word n'kutulutsanso PDF yatsopano ndiyo njira yabwino kuposa zonse zimene ndilembe m'munsimu. Anandiyankha kuti, "Achimwene, mnyamata anatitayipirayo anapita ku Joni ndi laputopu yake. Chatsala ndi chimenechi basi." Anawonjezera kuti mwana wa mchemwali wawo anayesako kukonza ndi pulogalamu ina yaulere, ndipo anandionetsa zimene zinatuluka. Liwu la "chimanga" linali litakonzekadi, koma ndime yonse inasintha nkhope. Zilembo zinanenepa pang'ono, liwu lomaliza la mzere linagwera pa mzere wotsatira, mizere inatalikirana, ndipo mzere wotsiriza wa ndimeyo unakwera pa mawu ofotokoza chithunzi cha thumba. Mwamwayi fayilo yoyamba anali asanaifufute.

Chimene chimasokoneza

PDF sidziwa kuti ndime n'chiyani. Mu Word, ndime ndi chinthu chimodzi chimene chimadzikonza chokha: mukawonjezera chilembo, mawu amasendezana mpaka pansi. Mu PDF zinthu zinauma kale ngati njerwa za pakhoma, iliyonse ili pamene mmisiri anaiika. Chimene chalembedwa m'kati ndi malangizo akuti tenga fonti yakuti ya msinkhu wakuti, pita pa malo akutiakuti a tsamba, jambula zilembo izi. Mzere wotsatira uli ndi malo akeake, ndipo sudziwa kuti pamwamba pake pali mnzake.

Choncho pulogalamu yokonzera PDF ikakuonetsani bokosi lozungulira ndime, bokosilo yangoliganizira yokha poona mizere imene yayandikana. Mukangotayipa chilembo chimodzi m'bokosimo, imayalanso ndime yonse mwa nzeru zake, ndipo nzeruzo sizifanana ndi za Word imene inayala poyamba. Apa ndi pamene mpata wa pakati pa mizere umasinthira.

Vuto lachiwiri ndi la fonti. Potulutsa PDF, mapulogalamu ambiri saikamo fonti yonse. Amangoikamo zilembo zokhazo zimene zagwiritsidwa ntchito m'chikalatacho, kuti fayilo ichepe. Ngati m'kabuku monse mulibe Q, ndiye kuti mu fonti ya m'kati mwa PDF mulibenso Q. Mukatayipa chilembo chimene mulibe, pulogalamu imakabwereka ku fonti ina ya pa kompyuta yanu, kapena pamatuluka kabokosi kopanda kanthu, kapena malo oyera.

Zolakwika ziwiri za m'kabukuka zinagwera m'magulu awiri amenewa, china cha mpata, china cha fonti, ndipo chilichonse chinafuna njira yakeyake.

Kuona kaye zimene zili m'kati

Ndisanakhudze chilichonse ndinakopera fayilo n'kuika yoyambayo pambali. Kenako ndinafunsa za mafonti ndi `pdffonts`, kachida kaulere kochokera mu Poppler. Amene ali ndi Acrobat angaone zomwezi pa File, Properties, Fonts.

```
pdffonts kabuku.pdf
name                           type      encoding  emb sub uni
BCDEEE+TimesNewRomanPSMT       TrueType  WinAnsi   yes yes no
BCDFEE+TimesNewRomanPS-BoldMT  TrueType  WinAnsi   yes yes no
```

Zilembo zazikulu zisanu ndi chimodzi zija ndi chizindikiro cha + kutsogolo kwa dzina ndiye umboni wakuti fontiyo ndi yodulidwa, si yonse. Pansi pa `emb` pakalembedwa `yes` ndiye kuti fonti ili m'kati mwa fayilo, ndipo `sub` akutsimikiza za kudulidwako. Chimene chinandisangalatsa ndi liwu lakuti `WinAnsi`, chifukwa limatanthauza kuti mawu a m'kati ndiwawerenga ndi maso monga alili.

Mndandandawu ukatuluka wopanda kanthu, imani pomwepo. Mwina PDF yanu ndi chithunzi cha pepala lochita kusikana, kapena wojambula anasandutsa zilembo kukhala mizere yojambula asanatumize kosindikiza, monga amachitira anzathu ambiri ogwiritsa CorelDRAW. Mmenemo mulibe mawu oti mukonze, ndipo imeneyo ndi ntchito ina.

Tsamba 7: kuwonjezera chilembo cha a

Chilembo cha a chili paliponse m'Chichewa, kotero sindinakayikire kuti chili mu fonti yodulidwayo. Nkhani inali ya malo. Mizere ya m'kabukuka inayalidwa kuti yonse izithera pamodzi kumanja, ndiye chilembo chatsopano chikanatulutsa mzere wake kunja kwa anzake.

Ndinasankha kukonza malangizo a tsambalo ndi manja. Anthu amaopa njira imeneyi, koma ubwino wake ndi wakuti palibe chimene chimasuntha kupatula chimene mwachikhudza inuyo. Choyamba ndi kumasula fayilo kuti iwerengeke, pogwiritsa ntchito `qpdf`:

```
qpdf --qdf --object-streams=disable kabuku.pdf lomasula.pdf
```

Fayilo yomasulidwayo ndinaitsegula mu Notepad++. Musaitsegule mu Word kapena mu pulogalamu imene imakonza yokha mathero a mizere, chifukwa m'fayilomo muli zithunzi ndi mafonti amene amawonongeka ngakhale kadontho kamodzi kakasintha. Ndinafufuza mawu akuti `%% Contents for page 7`, amene `qpdf` imaika yokha, n'kutsika mpaka pa mzere wolakwikawo. Kufufuza liwu lonse la "chimnga" sikunapeze kanthu, ndipo zimatero kawirikawiri, chifukwa Word imadula mawu m'zidutswa n'kuika timanambala pakati. Ndinaupeza pofufuza kachidutswa ka "nga" n'kuwerenga zoyandikana nazo. Pano ndachotsa timanambala ta pakati pa zilemboto kuti muone bwino, ndasiya za pakati pa mawu zokha:

```
/F1 11.04 Tf
1 0 0 1 52.4 412.3 Tm
[(Musanaike )-110(chimnga )-110(m\222thumba, )-110(onetsetsani )-110
(kuti )-110(chauma )-110(bwino )-110(ndipo)] TJ
```

Tiyeni tiuwerenge modekha. Mzere woyamba ukunena fonti ndi msinkhu wake. Word ikatulutsa fonti ya 11 imalemba 11.04. Mzere wachiwiri ukunena pamene mawu ayambire: mapoyinti 52.4 kuchokera kumanzere kwa tsamba, ndi 412.3 kuchokera pansi. Poyinti imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 72 a inchi. Mzere wotsatira wa ndimeyo unali pa 399.6, ndiye mpata wa pakati pa mizere unali mapoyinti 12.7. Mpata wonse umene anthu amadandaula kuti wasokonekera uli m'manambala awiri amenewa, 412.3 ndi 399.6. Mukapanda kuwakhudza, sungasinthe.

Nambala `\222` ndi kankhodolero kopindika ka mu "m'thumba". Manambala a -110 ndi amene akutambasula mzere kuti ufike kumanja. Amawerengedwa m'magawo 1,000 a msinkhu wa fonti, ndipo chizindikiro chawo chimasokoneza ambiri: nambala yokhala ndi kamzere kochotsera imakankhira mawu otsatira kumanja, pamene yopanda kamzereko imawakokera kumanzere.

Tsopano masamu ake. Mu Times New Roman chilembo cha a ndi chotambalala magawo 444 mwa 1,000. Pa msinkhu wa 11.04 amenewo ndi mapoyinti 4.9, pafupifupi mamilimita 1.7. Ndi pang'ono, koma diso limaona msanga mzere umodzi ukatulukira pakati pa mizere yothera pamodzi. Magawo 444 amenewa ndinayenera kuwachotsa kwina pa mzere womwewo. Mzerewu uli ndi mawu 8, choncho mipata ndi 7. Kugawa 444 ndi 7 kumapereka 63 ndi kotsala pang'ono. Ndinasintha -110 aliyense kukhala -47, n'kulowetsa a pamalo pake:

```
[(Musanaike )-47(chimanga )-47(m\222thumba, )-47(onetsetsani )-47
(kuti )-47(chauma )-47(bwino )-47(ndipo)] TJ
```

Kuchulukitsa 63 ndi 7 kumatipatsa 441, ndiye kotsala ndi magawo atatu, amene sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a poyinti. Palibe makina osindikizira amene angaonetse zimenezo.

Chinthu choyenera kuchiyeza musanasangalale ndi kukula kwa mpata umene watsala. Mpata wachibadwa wa fonti imeneyi ndi magawo 250. Poyamba unali 250 kuwonjezera 110, kutanthauza 360. Nditakonza unakhala 297, umene ukadali waukulu kuposa wachibadwa, ndiye mawu sanapanikizane. Apa tinachita mwayi chifukwa mzerewo unali wotakasuka kale. Ukanakhala wothina, moti mipata n'kutsika kwambiri pansi pa 250, mawu akanayamba kuoneka ngati aphatikana. Zikatero ine ndimagawa ntchitoyo pawiri: pang'ono ndichotse m'mipata, pang'ono ndipanikize zilembo zonse za mzerewo ndi lamulo la `Tc`, mwachitsanzo `-0.05 Tc`, kenako ndibwezere `0 Tc` mzerewo ukatha. Mukaiwala kubwezera, mizere yotsatira ikhoza kupanikizika nayonso.

Pali msampha wina umene kabukuka kanalibe pa mzere umenewu koma umapezeka kwambiri. Mzere ukakhala ndi liwu lopendeketsa kapena lakuda pakati, Word imaudula m'zigawo, chilichonse ndi `Tm` wake. Mukawonjezera chilembo m'chigawo choyamba, chigawo chachiwiri sichisuntha, ndipo zilembo zimakwerana. Pamenepo muyenera kusintha nambala ya kumanzere ya chigawo chotsatiracho ndi manja, kapena kubweza kutalika konse m'kati mwa chigawo chimene mwachikhudza.

Mukamaliza kusintha, fayilo imakhala itatalika kapena kufupika ndi zilembo zingapo, pamene PDF imasunga mndandanda wa pamene chinthu chilichonse chayambira. Mndandandawo umakonzedwa ndi lamulo ili:

```
fix-qdf lomasula.pdf > lokonza.pdf
qpdf --check lokonza.pdf
```

Pa Windows lembani zimenezi mu `cmd`. PowerShell yakale imatenga zimene zadutsa pa chizindikiro cha `>` ngati mawu wamba, ndipo PDF imatuluka yowonongeka.

Tsamba 12: chilembo chimene munalibe

Poyang'ana koyamba, mutuwu unkaoneka wosavuta kuposa mzere uja: kuchotsa H n'kuika W. Koma mitu inalembedwa ndi fonti yakuda, ndipo kwa PDF fonti yakuda ndi fonti ina kotheratu, yodulidwa payokha. Kabuku ka masamba 24 kali ndi mitu yochepa, choncho zilembo zake n'zochepanso. W wamkulu analimo m'mawu wamba, koma m'mitu yonse sanapezekemo.

Mungadziwe bwanji musanayese? Njira yapafupi ndi kuwerenga mitu yonse n'kuona ngati chilembocho chilipo kwina. Njira yotsimikizika ndi kuyang'ana m'fayilo yomasulidwa ija pamene pafotokozedwa fontiyo. Pali mndandanda wotchedwa `/Widths` wonena kutambalala kwa chilembo chilichonse, kuyambira pa nambala yolembedwa pa `/FirstChar`. Word imaika 0 pa zilembo zimene sizinagwiritsidwe ntchito. W wamkulu ndi nambala 87. Nditawerenga kuchokera pa 32, pamalo pake panali 0. Ndikanangotayipa W mmenemo, chilembocho sichikanaoneka bwino, ndipo E wotsatira akanabwerera m'mbuyo kudzakhala pamalo pake chifukwa kutambalala kwake ndi ziro. Choopsa n'chakuti mapulogalamu ena owerengera PDF amabisa vutoli pa kompyuta imene ili ndi fontiyo, ndiye mumaona ngati zatheka, koma n'kukatulukira pa foni ya kasitomala kapena pa makina osindikizira.

Njira zinalipo ziwiri. Pa kompyuta imene ili ndi Times New Roman, Acrobat Pro imatha kutenga chilembo chosowacho pa kompyutapo n'kuchiika mu PDF, ndipo pa mutu wa mzere umodzi palibe ndime yoti iyalidwenso. Amene ali nayo angayambire pamenepo. Ine ndinapitiriza ndi zida zaulere zomwe zija.

Ndinatsegula tsamba loyera la A5 mu Word, ndinalemba mutu wolondola ndi fonti yomweyo, yakuda, msinkhu 16 monga unalili, ndinauika pakati, n'kutulutsa PDF yotchedwa `mutu.pdf`. Imeneyi inabwera ndi fonti yakeyake yodulidwa yokhala ndi W. Ndinaimasula ndi `qpdf` monga poyamba, n'kusintha nambala ya kutalika mu `Tm` wake kuti ifanane ndendende ndi ya mutu wakale. Ya kumanzere ndinaiwerengera. Mu fonti yakudayi H ndi magawo 778 pamene W ndi 1,000, kusiyana kwake 222, amene pa msinkhu 16 ndi mapoyinti pafupifupi 3.6. Popeza mutu uli pakati, theka la amenewa limapita kumanzere, theka kumanja, ndiye ndinachotsa 1.8 pa nambala yakale ya kumanzere. Kenako ndinabwerera ku kabuku, ndinafufuta mzere wa `TJ` wa mutu wakale, ndinayendetsa `fix-qdf` pa mafayilo onse awiri, ya mutu yokonzedwayo ndinaipatsanso dzina la `mutu.pdf`, n'kusanjika tsamba latsopano pamwamba:

```
qpdf lokonza.pdf --overlay mutu.pdf --to=12 -- lomaliza.pdf
```

Ndikutsindika za kufufuta mutu wakale chifukwa njira imene yafala m'mashopu mwathu ndi yoika bokosi loyera pamwamba pa cholakwika n'kulembapo. Pa pepala zimaoneka bwino ngati tsamba ndi loyera. Koma mawu akale amatsala pansi, ndipo aliyense wofufuza kapena kukopera mawu mu PDF amawapeza onse awiri. Kabukuka kanali koti kazitumizidwanso pa WhatsApp kwa alangizi, ndiye sindikanalola kuti "NKHOKHE" atsale mobisala.

Mutu sumakhala malo amodzi. Cholakwika chomwecho chinalinso pa tsamba la zamkatimu, koma kumeneko chinali m'fonti wamba imene inali ndi W, ndipo ndinachikonza ngati cha pa tsamba 7, n'kuchotsa kadontho kamodzi pa timadontho tolondolera ku nambala ya tsamba kuti malo akwane. Ngati PDF ili ndi mndandanda wa mitu wa m'mbali umene munthu amadina, yang'ananinso mmenemo, chifukwa mawu ake amasungidwa padera.

Mawu ochepa kwa amene amagwira zikalata zolembedwa ndi ŵ, monga m'dzina la Malaŵi. Chilembo chimenechi mulibe mu `WinAnsi`, choncho Word imachiika mu fonti ya mtundu wina imene `pdffonts` imaionetsa ngati `Identity-H`. Mmenemo simuona mawu, muona manambala monga `<0044>`. Mfundo ndi yomweyo, koma muyenera kupeza nambala ya chilembo chimene mukufuna, mwina poyang'ana mndandanda wa `/ToUnicode` kapena pobwereka ku liwu lina la pa tsambalo limene lili nacho. Chikalata chimene munalibe ŵ chiyambire simungamuwonjezeremo popanda kubweretsa fonti yatsopano monga ndinachitira ndi W.

Kutsimikiza

Ndinayendetsa `pdftotext -f 7 -l 7 lomaliza.pdf -` kuti ndione ngati "chimanga" akutuluka ngati liwu limodzi, ndipo ndinachita chimodzimodzi pa tsamba 12 kuona kuti mutu ukutuluka kamodzi kokha. `pdffonts` inaonetsa mafonti awiri akale aja ndi imodzi yatsopano ya mutu, onse ali ndi `yes` pansi pa `emb`. Pakanatuluka dzina la fonti yachilendo kapena `no`, ndikanadziwa kuti china chake chabwerekedwa pa kompyuta yanga ndipo sichidzayenda ndi fayilo.

Kenako ndinasindikiza tsamba 7 lakale ndi latsopano pa makina amodzi, ndinawasanjikiza, n'kuwagwira pa galasi la windo kuti dzuwa liwale kumbuyo. Mizere yonse inagwirizana ngati tsamba limodzi, kupatula mzere umodzi uja, umene mawu ake a pakati anasendera pang'ono koma poyambira ndi pothera pake zinali pamodzimodzi. Kuyesa kumeneku ndimakukhulupirira kuposa kuyang'ana pa kompyuta, chifukwa mzere ukatsika ngakhale theka la milimita umaoneka ngati uli ndi chithunzithunzi. Pomaliza ndinatumiza fayilo pa foni, imene ilibe Times New Roman, ndipo W anaoneka bwinobwino.

Pamene njirayi imathera

Njira imeneyi ndi ya chilembo chimodzi kapena ziwiri, mwina liwu lalifupi. Kasitomala akafuna kuwonjezera chiganizo, mizere yonse ya pansi iyenera kutsika, ndipo kuwerengera `Tm` aliyense ndi manja ndi kutaya nthawi. Pamenepo ndi bwino kutayipanso tsamba lonselo mu Word ndi fonti, msinkhu ndi malire omwewo, n'kulilowetsa m'malo mwa lakale. Amene alibe fonti yeniyeniyo angagwiritse Liberation Serif m'malo mwa Times New Roman, Liberation Sans m'malo mwa Arial, kapena Carlito m'malo mwa Calibri. Amenewa anapangidwa kuti kutambalala kwa zilembo kufanane, ndiye mizere imaduka pamalo omwewo, koma maonekedwe a zilembo amasiyana pang'ono. N'chifukwa chake amayenera tsamba lathunthu, osati chilembo chimodzi pakati pa liwu.

PDF yosayinidwa ndi siginecha ya pa kompyuta siikonzedwa chonchi, chifukwa kusintha kulikonse kumapha siginechayo ndipo wotsegula amachenjezedwa kuti chikalata chasinthidwa. Ndipo pali zikalata zimene pa shopu yathu sitizikhudza ngakhale cholakwikacho chikhale chenicheni: satifiketi ya sukulu, sitetimenti ya ku banki, risiti, kalata ya boma. Dzina likalakwika pa zoterezi, wokonza ndi amene anazipereka, ndipo timamutumiza kasitomala komweko.